Kachidutswa ka Impso ya Ermelinda

Aliyense amene anasoketsapo chovala pamsika wa Chifunde amamudziwa Ermelinda. Makina ake ankakhala pakhonde la loja yogulitsa zitsulo za njinga, moyang'ana kolowera dzuwa, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Ndione Kaye. Dzinali silinabwere lokha. Ukamuuza kuti nsalu yako ndi mamita atatu, ankaiyeza pamaso pako. Ukamuuza kuti mwana wako ndi wamtali chonchi, ukuloza ndi dzanja, ankati, "Mubwere naye mwanayo, ndione kaye." Ena zinkawanyansa, komabe ankabwereranso, chifukwa chovala chosoka iye sichinkafuna kubweza.

Anabadwira ku Zambia mu 1991, kumsasa wa anthu othawa nkhondo. Bambo ake, a Kalekeni, atabwerera ku Nsadzo anapeza munda wawo ukulimidwa ndi msuweni wawo weniweni, amene anali atauza mudzi wonse kuti iwo anafera m'njira. Mundawo anaulandanso, koma mtima wokhulupirira munthu sunabwerere. Ankauza ana awo kuti, "Munthu akakuuza kuti usadandaule, yamba wamuyang'ana m'manja." Mwa ana asanu, amene anawasunga mawuwa ndi Ermelinda. Anaphunzira mpaka kalasi yachisanu ndi chiwiri, anaphunzira kusoka kwa azakhali ake, nakwatiwa ndi Arlindo, wonyamula anthu pamota, njinga yamoto. Anabereka ana awiri, woyamba dzina lake Dércia.

Matenda anamuyamba ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, anthu atangokolola chimanga. Zinayambira m'zala. M'mawa zinkauma moti kulowetsa ulusi m'singano inali ntchito, kenako dzuwa likakwera zinkamasuka. Patapita milungu ingapo, pamasaya ndi pamphuno panatuluka chibanga chakuda mofiirira, chimene chinkakula akakhala padzuwa la masana. Tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, m'kamwa munabuka tizilonda. Zonsezi anazipirira. Chimene chinamuopsa ndi tsiku lomwe phazi linakana kulowa m'sapato, ndipo atadina mwendo ndi chala panatsala kadzenje kosabwerera msanga. Sabata yomweyo anaona kuti mkodzo wake ukuchita thovu ngati la sopo, losaphwa.

Woyamba amene Ermelinda anamukayikira anali Celeste, mayi amene anali atangoika makina ake tsidya lina la msewu. Celeste anabwerekapo lumo lake tsiku lina nalibweza madzulo. Ermelinda analitaya lumolo m'chimbudzi, nakwera mota kupita kwa sing'anga wina wa njira ya ku Mualadzi. Koma sing'angayo anachulutsa mafunso: mumagwira ntchito yanji, alipo amene munayambana naye, amakhala kuti.

"Ngati amaona zobisika, akundifunsiranji ine?" anatero kwa mwamuna wake pobwerera. Mizu imene anapatsidwa anaiponya m'tchire.

Wachiwiri anali Arlindo mwiniwakeyo. Mota yake inkafika mpaka kumalire, ndipo masiku ena ankabwerako mawa lake.

"Bambo a Dércia, mawa simunyamula munthu wina," anatero Ermelinda tsiku lina. "Munyamula ine. Tikayezetse tonse, inu muyambe."

"Nambewe, mukundiganizira chiyani?" anafunsa Arlindo, akumutchula ndi mfunda wake.

"Sindikuganiza kanthu. Magazi ndiwo akanene."

Kuchipatala cha pa Chifunde anawalandira a Aderito, tekiniku, ndiye kuti amene amaona odwala pamalo popanda dotolo. Kachilombo ka HIV sikanapezeke mwa onse awiri. Ermelinda anapempha kuti abwereze, ndipo sikanapezekenso. Malungo analibe, mimba analibe. Koma magazi ake ankathamanga kwambiri, ndipo a Aderito atamva za thovu anam'patsa kabotolo koti abweretsemo mkodzo. Anaviikamo kapepala kokhala ndi timabanga tamitundu. Kabanga kena kachikasu kanasanduka kobiriwira kwambiri, kenanso kanadera.

"Aka kakusonyeza puloteyina," anatero a Aderito. "Ndi chinthu choyenera kukhala m'magazi, osati mumkodzo. Ndiye gwero la thovulo. Aka kakusonyeza magazi."

"Magazi ati? Mkodzowu ndi wachikasu, ndikuuona."

"Ndi ochepa oti diso silingawaone, mayi. Kuno magazi a mumkodzo kawirikawiri amakhala likodzo, koma wa ku labolatoriyo wayang'ana ndipo mazira a likodzo mulibe. Ine ndikuona kuti impso zanu zikudontha. Chikuzidonthetsa ndi chiyani, pano tilibe choyezera. Ndikulemberani giya, chikalata chokutumizani ku Tete."

Ku Tete anagonekedwa sabata ziwiri ndi theka. Amene ankamuona anali dotora Florência, mayi wa ku Angónia wolankhula Chinyanja, ndipo izi m'malo momukhazika mtima pansi zinam'chititsa kusamala kwambiri. Anati munthu wa chilankhulo chako ndiye amadziwa pokugwirira. Magazi anamutenga kanayi. Ena anatumizidwa ku Maputo, ndipo Ermelinda anafuna kudziwa dzina la munthu wokawalandira kumeneko.

Zotsatira zonse zitafika, a dotora anakhala pampando pafupi ndi bedi, Arlindo ataimirira kumiyendo.

"Matenda anu amatchedwa lupusi," anatero. "Si opatsirana, ndipo sanachokere kwa amuna anu. Chitetezo cha thupi, chimene ntchito yake ndi kulimbana ndi matenda, chasokonekera n'kuyamba kumenya thupi lomwelo. Chamenya khungu, mfundo za zala, tsopano impso. Amakonda kugwira akazi a msinkhu wanu."

"Mwadziwa bwanji?"

A dotora anatambasula mapepala pabulangete. Anafotokoza kuti mu impso muli tisefa ting'onoting'ono tambirimbiri tosefa magazi. Tisefato tikatupa timadontha puloteyina, m'magazi imachepa, ndiye madzi amathawira m'miyendo ndi kumaso. Mumkodzo wake, poyang'ana ndi makina okuza zinthu, anapeza timagulu ta magazi topindikapindika chifukwa chodzipanikiza potuluka m'tisefa, tina titaumbika ngati kachubu. Zimenezo zinkasonyeza kuti magaziwo akuchokera mu impso, osati m'chikhodzodzo. M'magazi, zinyalala zotchedwa kireyatinina, zimene impso zimayenera kutaya, zinali zitakwera kufika pa 140. Magazi a ku Maputo anasonyeza zida za chitetezo zolimbana ndi thupi lake lomwe zitachuluka, pamene zina ziwiri, C3 ndi C4, zinali zitatsika chifukwa zinkathera pankhondoyo.

Ermelinda anamvetsera zonse osaphethira. Kenako a dotora anati pakufunika kuti apite ku Maputo akam'chite biyopisiya, kutenga kachidutswa ka impso ndi singano kuti akakaone.

"Pamenepo ndiye ayi," anatero Ermelinda. "Mwangonena kumene kuti matendawo mwawadziwa. Dzina mwatchula. Nanga nyama yanga mukuifuniranji?"

"Mkodzo ndi magazi zandiuza kuti impso zikuwonongeka, ndipo zandiuza chowononga. Sizingandiuze kuti zikuwonongeka motani. Lupusi wa mu impso ali m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo anthu awiri a magulu osiyana akhoza kubweretsa mkodzo wofanana. Gulu lina limangofuna mankhwala opepuka. Lina limafuna amphamvu kwambiri, ofooketsa chitetezo moti chifuwa chachikulu chikhoza kukugwirani mosavuta, ndipo ena amatha kusokoneza kubereka. Lina ndi loti impso zinasanduka kale zipsera, mankhwala amphamvuwo angangokuvulazani pachabe. Ndikupatseni ati, ndisanaone?"

"Ndipatseni apakati."

A dotora anaseka pang'ono, Ermelinda sanaseke. Mchimwene wake wa Arlindo anali ataimba kale foni kunena kuti iye anamva zoti kuzipatala zakutali amagoneka munthu n'kuchotsa impso yathunthu kukagulitsa kunja. Ermelinda sankamukhulupirira mlamu wakeyo pa chilichonse, koma pa nkhani iyi anaona kuti palibe amene angam'tsimikizire kuti ndi bodza. Anakana kusayina. A dotora anam'patsa mankhwala oti agwirizire: pirediniizolona wochepetsa kutupa kwa m'kati, wina wa lupusi womwa tsiku ndi tsiku, wa kuthamanga kwa magazi ndi wochotsa madzi. Anamuuza kuti apewe dzuwa ndi mchere, ndipo asamwe mankhwala opha ululu ogula pamsika.

"Mukasintha maganizo, giya yanu ili m'dirowa mwangamu," anatero. "Koma impso siziyembekeza."

Kunyumba zinthu zinayenda bwino modabwitsa. Pasanathe milungu itatu miyendo inaphwa, zala zinamasuka, chibanga chinazilala. Anabwerera pamakina, nauza aliyense wofunsa kuti akanamvera akanakhala ku Maputo ndi impso imodzi. Pa sabata yachisanu anapita kwa a Aderito, osati chifukwa chodwala, koma kuti akaonetse kuti wachira.

Kapepala kanabiriwira monga poyamba.

"Timapepala tanuti timasintha ndi mkodzo wa aliyense," anatero Ermelinda. "Anatipanga choncho."

A Aderito sanatsutse. Anatuluka panja, naitana Arlindo amene ankadikira pamota, nam'patsa kabotolo. Atabwera nako anapereka botolo la timapepala kwa Ermelinda.

"Sankhani nokha tiwiri. Muviikenso nokha, ine sindigwira."

Anasankha kamodzi pamwamba, kena anakumba pansi. Anaviika koyamba mumkodzo wa mwamuna wake, kachiwiri mu wake, natigoneka pathebulo moyandikana. Ka Arlindo kanakhala kachikasu. Kake kanayamba kubiriwira iye asanachotse dzanja. Anasankhanso tina tiwiri nabwereza, ndipo zinatuluka chimodzimodzi.

"Miyendo yaphwa chifukwa cha mankhwala ochotsa madzi," anatero a Aderito motsitsa mawu. "Madzi achoka, koma sefa ikudonthabe."

Ermelinda anakwera mota kubwerera. Atafika anakhala pamakina osasoka kanthu. Lolemba lake anali ku Tete. Kireyatinina anali atafika pa 190. Anasayina, koma anayamba wauza a dotora Florência zofuna zake ziwiri: asamugonetse tulo, ndipo chimene achotsecho achione ndi maso ake. A dotora anati biyopisiya sagonetsa munthu, amangozizira malo obayapo, ndipo chachiwiricho anachilemba pagiya.

Ulendo wa basi wopita ku Maputo unatenga masiku awiri. Ana anatsala kwa azakhali awo, Arlindo anakafikira kwa mnzake wa kwawo wogwira ntchito yaulonda mumzindamo. Kuchipatala chachikulu anayamba atsitsa kuthamanga kwa magazi ake ndi kuyeza ngati magaziwo amagwirana msanga. Tsikulo litafika anamugoneka chafufumimba. Dotolo Ezequiel, bambo wamfupi wolankhula Chipwitikizi chothamanga, anayendetsa kachida pamsana pake mpaka impso inaoneka pakanema. Ermelinda anamva kubaya kwa jekeseni, kenako kukankha, anauzidwa kugwira mpweya, ndipo kanthu kanalira thwa! Zinachitika kawiri.

"Ndionetseni," anatero asanatembenuke n'komwe.

Anam'bweretsera kabotolo pafupi ndi nkhope. Munali tizidutswa tiwiri toonda ngati ulusi wosokera matumba, kutalika kwake ngati chikhadabo.

"Zina zili kuti?"

"Palibe zina, mayi. Ndi zomwezi."

Anagona chagada maola asanu ndi limodzi, anamwino akuyang'ana mkodzo wake ngati muli magazi. M'mawa mwake anakana kudya mpaka atam'bwezera kumakina aja kuti awerenge yekha impso zake. Anaona ya kumanzere, anaona ya kumanja. Anafunsa ngati kanemayo sangakhale akuonetsa za munthu wina, ndipo woyezayo anamuuza kuti akoke mpweya. Impso ya pakanema inatsika, atatulutsa mpweya inakweranso.

Pabedi loyandikana naye panali Lusiya, mayi wa ku Ulongwe wamkulupo pang'ono, yekhayo m'chipindamo wolankhula Chinyanja. Nayenso anali ndi lupusi, nayenso anatupa miyendo, mkodzo wake unkachita thovu, ndipo biyopisiya anam'chita sabata yomweyo. Anali atadwala zaka zisanu ndi chimodzi, akuchira n'kudwalanso, akupatsidwa mankhwala a malungo ndi a nyamakazi. Pamasiku khumi odikira zotsatira, awiriwa ankagawana sopo ndi nthochi, ndipo Ermelinda anam'sokera ndi manja bulauzi imene inang'ambika m'khwapa.

Zotsatira zinafika tsiku limodzi. Dotolo Ezequiel analankhula ndi aliyense payekha, mwachangu, ndipo Ermelinda anangotolapo zoti iye ndi wa gulu lachinayi. Anamujambula chifuwa, anamuyezanso mimba, kenako anam'lumikiza soro, madzi a mankhwala olowa m'mtsempha, masiku atatu otsatizana. Lusiya sanam'lumikize kanthu. Mankhwala ake ena anachita kuwachepetsa.

Tsiku loyamba sanalankhulane za nkhaniyi. Lachiwiri Lusiya anatembenukira kukhoma nthochi itabwera. Lachitatu anafunsa.

"Achemwali, amuna anu anawapatsa chiyani adotolo?"

"Mukuti bwanji?"

"Matenda athu ndi amodzi. Thovu ndi limodzi. Inu soro, ine ayi. Kapena muli ndi wachibale muno? Ndiuzeni, nanenso ndiuze akwathu."

Ermelinda anam'yang'ana nthawi yaitali. Iye masiku atatu onsewo ankaganiza zosiyana: kuti am'sankha poti ndi wakumudzi kuti ayeserepo mankhwala atsopano, ndipo Lusiya amusiya chifukwa ali ndi womuteteza. Anali atayamba kale kuloweza mayina olembedwa pamabotolo a soro. Atauzana zimenezi palibe anaseka. Anagwirizana kuti m'mawa akam'tsekereze dotoloyo onse awiri.

Dotolo Ezequiel anayamba wakana. Anati za wodwala wina sauza mnzake.

"Ndine ndikupempha," anatero Lusiya, Ermelinda akumasulira. "Awa aone zanga, ine ndione zawo."

Anawatengera m'kachipinda kokhala ndi kompyuta, naika zithunzi ziwiri. Pachoyamba panali timabwalo todzaza ndi timadontho takuda, tothithikana ngati nyerere pa fupa.

"Izi ndi zanu, dona Ermelinda. M'tizidutswa tija munapezeka tisefa makumi awiri. Khumi ndi tinayi n'totupa, awiri okha ndiwo anafa. Chotupa chikadali chamoyo, tikhoza kuchipulumutsa tikafooketsa chitetezocho msanga ndi mwamphamvu. Tikanangopitiriza mankhwala amene munali nawo, tisefa totupato tikanafa kamodzikamodzi."

Pachithunzi chachiwiri timabwaloto tinali tosalala, totuwa, topanda timadontho.

"Izi ndi za dona Lusiya. Tisefa khumi ndi tisanu ndi tinayi, kamodzi kokha ndiko katsala. Tinato ndi zipsera, ndipo palibe pamene pakutupa. Ili ndi gulu lachisanu ndi chimodzi. Chipsera sichimva mankhwala. Ndikawapatsa soro uja, impso sizibwerera, koma chitetezo chigwa, matenda ena alowa. Chimene tingachite ndi kusamala kotsalako kuti kakhalitse, ndi kukonzekera makina osefa magazi nthawi ikadzakwana. Tinabaya tikuyembekeza kupeza china chopulumutsika. Sitinachipeze."

Ermelinda anamasulira mpaka pa mawu oti zipsera, pamenepo anaima. Lusiya anam'gwira mkono.

"Malizani. Ndamva kale theka."

Anamaliza. Lusiya anayang'anitsitsa chithunzi chake, nafunsa ngati akanabwera zaka zitatu zapitazo chikanaoneka ngati cha mnzakeyo. Dotoloyo anati mwina, sangalumbire. Pobwerera kuchipinda Ermelinda anafunsa chapansipansi ngati zithunzizo sizikanatheka kusinthanitsidwa. Lusiya anati, "Zikanakhala choncho bwenzi inu mukulira, ine ndikuseka. Siyani."

Ermelinda anatuluka patapita sabata. Mankhwala amphamvu aja, sikolofosifamida, anakapitiriza kulandirira ku Tete, soro kamodzi pa milungu iwiri iliyonse mpaka kasanu ndi kamodzi, kenako mapiritsi ofewerapo oti amwe zaka. Anauzidwa kuti asatenge mimba nthawi yonseyo chifukwa mankhwalawo akhoza kupundula mwana. Apongozi ake atamva kuti waika cholerera anayamba kunong'ona kuti ku Maputo anam'tseka dala, ndipo Arlindo, amene sankakonda mikangano, anapita yekha kukawauza kuti nkhaniyo aisiye. Soro ankamuchititsa nseru, nkhope inatupa ndi pirediniizolona, ndipo mwezi wachiwiri anagonekedwa masiku anayi ndi chibayo. Ali m'chipatalamo ananena kuti akuphedwa pang'onopang'ono. Komabe tsiku la soro wotsatira anali woyamba pamzere.

Patatha miyezi isanu ndi itatu kireyatinina anatsika kufika pa 105. Puloteyina mumkodzo inachepa kwambiri, ngakhale sinatheretu, ndipo C3 ndi C4 zinakwera. A dotora Florência anamuuza kuti uku si kuchira kotheratu, lupusi amagona n'kudzukanso, ndipo akadzuka mwina padzafunika biyopisiya ina chifukwa gulu limatha kusintha. Ermelinda anati zimenezo adzakambirana zikadzafika. Makina anawasamutsira m'kati mwa loja, kutali ndi dzuwa, ndipo mwezi uliwonse amapita kwa a Aderito ndi kabotolo kake.

Lusiya anatsala ku Maputo kwa mphwake, kudikira malo pamakina osefa magazi. Ankaimbirana Lamlungu lililonse. M'mwezi wa Janeiro foni inayamba kungoitana osayankhidwa. Lamlungu lachitatu anayankha mwamuna wina, nanena m'Chipwitikizi kuti dona Lusiya apita kumudzi ndipo ali bwino, musadandaule. Ermelinda anafunsa momuyesa kuti mudzi wake uti, apita liti, nanga foni aisiyiranji, koma mwamunayo anadula.

Madzulo ake anafunsa Arlindo ngati pa anzake a mota alipo amene amafika ku Ulongwe. Arlindo anati alipo m'modzi, amapita kawiri pamwezi. Ermelinda anang'amba pepala m'kabuku kake ka miyeso, nalembapo dzina la Lusiya, la mudzi wake ndi la tchalitchi chimene ankapemphera. Pansi pake anawonjezera kuti mnzake wa Arlindoyo akam'peza Lusiya am'patse foni alankhule yekha.